Funso la mayeso limene limasiyanitsa namwino woloweza ndi namwino wodziwa chochita

Pa mayeso a unamwino ndi uzamba pamakonda kupezeka funso lotere: mayi akabereka mwa njira yachibadwa, timati wataya magazi ambiri akataya mamililita angati? Pansi pake pamakhala mayankho anayi, 200, 300, 500 ndi 1000, ndipo wophunzira amachonga limodzi. Amene anawerenga buku dzulo lake amachonga 500 osataya nthawi, chifukwa ndi nambala imene mabuku ambiri a uzamba akhala akuphunzitsa. Funsoli si loipa, koma likutiuza chinthu chimodzi chokha, kuti wophunzirayo amasunga nambala m'mutu. Silikutiuza chimene adzachite usiku pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, dokotala palibe, ambulansi ili ku boma, mayi ali pa bedi nsalu zanyowa.

Anthu ambiri amaganiza kuti mafunso ochonga sangayese chinanso koposa kuloweza, ndipo kuti wofuna kuona nzeru za munthu amulembetse ndime zitalizitali. Vuto nthawi zambiri limakhala kalembedwe ka funsolo. Nkhani yomweyi ya kutaya magazi ikhoza kufunsidwa mwa njira ina.

Mayi wa zaka 29 wabereka mwana wake wachinayi mphindi 30 zapitazo pa chipatala chaching'ono. Anamubaya okisitosini mwana atangobadwa, ndipo nsengwa inatuluka yonse bwinobwino. Tsopano akutaya magazi ambiri okhala ndi zibuluma. Mtima ukugunda ka 112 pa mphindi, kuthamanga kwa magazi kuli pa 100/60. Pogwira pamimba, chiberekero ndi chofewa ndipo chili pamwamba pa mchombo. Namwino waitana kale mnzake kuti adzathandize. Achite chiyani choyamba? A. Asisite chiberekero. B. Ayang'ane ngati njira yoberekera yang'ambika. C. Ayeze kuchuluka kwa magazi m'thupi. D. Alembe kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu.

Yankho ndi A, koma chofunika kuona ndi ulendo umene wophunzira ayenera kuyenda kuti afike pamenepo. Palibe pamene funsoli latchula dzina la vutolo. Iye yekha ayenera kutola zizindikiro, ndi kukumbukira kuti mayi amataya magazi akabereka pa zifukwa zinayi zikuluzikulu: chiberekero chosalimba, kung'ambika, zotsalira za nsengwa, ndi magazi osaundana. Mawu akuti nsengwa inatuluka yonse akuchepetsa chifukwa chachitatu. Mawu akuti chiberekero ndi chofewa akuloza chifukwa choyamba, chimenenso ndi chofala kwambiri pa zonse. Chiberekero chikalimba chimafinya mitsempha ya pamalo pamene panali nsengwa, ndipo kusisita ndi njira imene dzanja la namwino lingachilimbitsire nthawi yomweyo, mnzake akukonza mankhwala ndi dilipi. Woganiza bwino aonanso kuti 100/60 si nambala yolimbitsa mtima, pakuti mayi wachitsikana amatha kutaya magazi ambiri kuthamanga kwa magazi kusanatsike kwenikweni, ndipo chimene chimayamba kuulula ndi kugunda kwa mtima.

Luso lenileni la wolemba funso lili pa mayankho atatu olakwawo. Onse ndi zinthu zimene namwino wabwino akhoza kuchita kwa mayi yemweyu. Kuyang'ana ngati wang'ambika n'koyenera, kuyeza magazi n'koyenera, ndipo mwina adzatumizidwadi ku chipatala chachikulu. Kulakwa kwake n'kwakuti si zoyamba. Mayankho oterewa ali ngati nyambo pa mbedza, amakoka yekhayo amene akudziwa zinthu mwatheka. Wolemba waulesi amaika zinthu zoseketsa, monga kumupatsa mayiyo phala kapena kumuuza agone, ndipo pamenepo funso la mayankho anayi lasanduka la mayankho awiri. Malo abwino otapako mayankho olakwa ndi m'wodi momwemo. Mphunzitsi amene amayenda ndi ophunzira ku chipinda chochilira amadziwa kuti ena akaona magazi amathamangira kufuna posoka, ena amathamangira foni. Zolakwa zenizenizo ndi zimene ziyenera kulowa pa pepala.

Chiganizo chija chakuti namwino waitana kale mnzake sichinaikidwepo mwangozi. Pa ngozi iliyonse ya mtundu umenewu anamwino amaphunzitsidwa kuitana thandizo, ndipo zinthu zingapo zimachitika nthawi imodzi. Funso likapanda kutseka khomo limeneli, wophunzira wanzeru amayamba kudzifunsa chifukwa chake yankho limene analiphunzira palibe, kapena likakhalapo, pamakhala mayankho awiri olondola. N'chifukwa chake funso lisanalowe m'mayeso liyenera kupatsidwa kwa azamba ena odziwa ntchito, aliyense ayankhe payekha osaona yankho la wolemba. Akasiyana, funsolo libwerere kukakonzedwa, ngakhale analilemba ndi mkulu wa dipatimenti.

Pali njira ziwiri zapafupi zodziwira ngati funso likuyesadi kuganiza. Yoyamba ndi kuphimba mayankho onse ndi dzanja n'kuwerenga nkhani yokhayo. Mzamba wodziwa ayenera kunena yekha kuti, sisitani chiberekero, asanaone A mpaka D. Funso longoti, ndi chiti mwa izi chili choona pa nkhani ya kutaya magazi, silingayankhike chotero, chifukwa ndi mulu chabe wa ziganizo zoti uvomere kapena ukane. Yachiwiri ndi kusintha chizindikiro chimodzi m'nkhanimo. Tinene kuti chiberekero ndi cholimba ndithu, chili pansi pa mchombo, koma magazi ofiira akungoyenderera osaleka. Yankho tsopano lasamukira pa B, kuyang'ana pong'ambika, pamene mayankho onse anayi ali momwe analili. Ngati mungasinthe zizindikiro yankho n'kukhala lomwelo, dziwani kuti nkhaniyo inali yongokometsera.

Kukometsera kumeneku ndi matenda ofala. Mphunzitsi wamva kuti masiku ano mafunso ayenera kukhala ndi nkhani ya wodwala, ndiye amalemba mizere isanu ya mayi wa zaka zakuti wochokera kwakuti, kenako n'kufunsa kuti okisitosini amaperekedwa wochuluka bwanji. Wophunzira wochenjera amalumpha nkhani yonseyo n'kuwerenga mzere womaliza wokha, ndipo salakwa. Nthawi yake yokha ndi imene yawonongeka. Kwathu kuno izi zimapweteka kawiri, chifukwa mayeso a unamwino amalembedwa m'Chingerezi, chimene si chilankhulo cha kunyumba kwa ophunzira ambiri. Chiganizo chopiringizika, kapena mawu okana obisika pakati pa mzere, zimagwetsa munthu wodziwa kusamala wodwala chifukwa cha chilankhulo basi. Kuvuta kwa funso kukhale pa chisankho chimene namwino akupanga, pamene mawu ake akhale osavuta.

Ophunzira nawonso ali ndi nzeru zawo zimene amapatsirana ku hositelo, ndipo zambiri zimagwira ntchito chifukwa cha ulesi wa olemba. Yankho lalitali kuposa anzake kawirikawiri limakhala lolondola, poti wolemba analisamala kwambiri. Yankho lokhala ndi mawu akuti nthawi zonse kapena akuti ayi ndithu limakhala lolakwa, pakuti za chipatala sizikhala choncho kawirikawiri. Mawu a m'funso akabwerezedwa m'yankho limodzi lokha, aulula. Ndipo yankho lakuti zonse zili pamwambazi limangofuna kuti uzindikire awiri olondola, lachitatu ulipeza laulere. Mankhwala ake ndi kulemba mayankho ofanana kutalika, a mtundu umodzi. Ngati funso likufunsa chochita, onse anayi akhale zochita.

Ntchito siithera pa tsiku la mayeso. Mapepala akachongedwa, funso lililonse liyenera kuyesedwa nalonso, ndipo masamu ake sakufuna makina apamwamba. Tiyerekeze kuti kalasi ili ndi ophunzira 100. Mumawandandalika malinga ndi malikisi awo onse, n'kutenga 27 apamwamba ndi 27 apansi. Pa funso lathu lija, tinene kuti 22 mwa apamwamba akhoza, pamene mwa apansi akhoza ndi 9. Mukachotsa 9 pa 22 mutsala ndi 13, ndipo 13 kugawa ndi 27 ndi 0.48. Nambala yotere ikuonetsa kuti funsolo likusiyanitsa bwino odziwa ndi osadziwa. Ikayandikira 0, funsolo silikusiyanitsa aliyense. Ikatsika kupitirira pamenepo, kutanthauza kuti apansi akhoza kuposa apamwamba, ndiye kuti pali chinachake chalakwika, mwina yankho linalembedwa molakwika pa pepala lochongera, mwina ophunzira abwino aona chinthu chimene wolemba sanachione. Muyang'anenso kuti yankho lolakwa lililonse lasankhidwa ndi angati. Limene lasankhidwa ndi ochepera 5 pa 100 silikugwira ntchito, ndipo ndi bwino kukhala ndi mayankho atatu amphamvu kusiyana ndi anayi okhala ndi limodzi lodzazira malo.

Maiko ena apita patsogolo ndi maganizo amenewa. Ku America, mayeso opatsira anamwino chilolezo otchedwa NCLEX anasinthidwa mu Epulo 2023, ndipo tsopano muli nkhani za odwala zimene zimatambasuka pang'onopang'ono, iliyonse ndi mafunso 6, kuyambira pa kuzindikira zizindikiro mpaka pa kuona ngati chithandizo chagwira ntchito. Amalembera pa kompyuta, koma nzeru yake ikhoza kutheka pa pepala. Mayi wathu uja akhoza kukhala ndi funso lachiwiri lonena kuti papita mphindi zingapo, chiberekero chalimba, magazi achepa, koma mtima ukugunda ka 124. Apa wophunzira ayenera kuona kuti ngozi sinathe. Chongofunika kusamala n'chakuti pa pepala munthu amatha kuwerenga za kutsogolo, choncho funso lachiwiri lisaulule yankho la loyamba.

Malire ake alipo, ndipo ndi bwino kuwanena poyera. Mu 1990, George Miller anagawa luso la wogwira ntchito ya chipatala m'magawo anayi: kudziwa, kudziwa kachitidwe kake, kuonetsa kuti ungachite, ndi kuchitadi pa ntchito. Funso lochonga, likhale labwino chotani, limafika pa gawo lachiwiri. Pa pepala wophunzira wauzidwa kuti chiberekero ndi chofewa, pamene m'wodi ayenera kuchimva yekha ndi dzanja lake. Pepala silionanso ngati amalankhula ndi mayiyo mwaulemu, kapena ngati manja ake amanjenjemera. Zimenezo zimafuna mayeso ochita ndi manja pa chidole, ndiponso maso a mzamba wamkulu m'wodi. Kuonjezera apo, wongolota ali ndi mwayi umodzi pa inayi wokhoza funso lililonse, ndiye funso limodzi silingaweruze munthu. Pamafunika ambiri, okhudza mbali zosiyanasiyana za ntchito.

Funso lofunsa nambala limalembeka m'mphindi ziwiri, pamene longa la mayi ujali limafuna kukhala pansi, kulemba, kukangana ndi anzako ndi kulembanso. Aphunzitsi athu ali ndi makalasi aakulu, ndipo akangopatsidwa masiku ochepa oti apereke pepala adzabwerera ku mafunso oloweza. Akuluakulu a masukulu a unamwino ndi uzamba apatseni aphunzitsi nthawi yolemba mafunso pamodzi, ndipo funso lililonse limene layesedwa n'kupezeka labwino lisungidwe pamalo otetezeka kuti lidzagwirenso ntchito.