Ufumu Wopeka Nawonso Umadya

Mu 2014, George R. R. Martin, mlembi wa A Game of Thrones, akucheza ndi magazini ya Rolling Stone anafunsa funso lokhudza buku la J. R. R. Tolkien lotchedwa The Lord of the Rings. Bukulo limatha Aragorn atalongedwa ufumu, ndipo timauzidwa kuti analamulira bwino. Martin ankafuna kudziwa kuti mfumuyo inkatolera bwanji msonkho, ndiponso inkatani njala ikagwa. Funsoli likukhudza aliyense wolemba nkhani yopeka ya maufumu ongoganizira. Owerenga amalola kuti m'nkhani mukhale zinjoka zolavula moto ndi mizimu yolankhula, koma amagwa ulesi akaona asilikali akuyenda miyezi itatu popanda wowaphikira.

Chakudya, malonda ndi malamulo si mitu itatu yoti mlembi aidzaze payokhapayokha. Chimene dziko limalima chimaonetsa chimene likusowa, chosowacho chimabala malonda, ndipo pamene padutsa chuma mfumu imaikapo lamulo. Tiyeni timange ufumu umodzi kuti tione mmene zimalumikizirana.

Tiyambe ndi m'nkhokwe. Ufumu wathu uli pamapiri, mvula imagwa nyengo imodzi pachaka, ndipo anthu ake sanaonepo ngalawa zochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Ngati mlembi akufuna kuti dzikolo lifanane ndi Afirika wakalekale, nsima yake ikhale ya mapira kapena mawere, chifukwa chimanga ndi chinangwa zinachokera ku Amereka ndipo zinafika kuno chaka cha 1492 chitadutsa. Mbewu ikasankhidwa, kalendala ya nkhani yapezeka. Pali nyengo yolima, pamene mfumu singatenge amuna onse kupita nawo kunkhondo popanda kuitana njala ya chaka chamawa. Pali miyezi ya njala mbewu zisanache, pamene nkhokwe zapepuka ndipo munthu angapereke mbale wake chifukwa cha dengu la mapira. Pali chilimwe, pamene mitsinje yaphwa ndipo njira zatseguka. Chiwembu, ukwati ndi nkhondo, chilichonse chili ndi mwezi wake.

Tsopano tifunse chimene anthu akumapiriwa alibe. Tinene kuti ndi mchere. Mcherewo umapezeka kuchigwa, kumene anthu amasungunula dothi lamchere, kusefa madzi ake ndi kuwaphika mpaka atauma, monga ankachitira a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Popanda mchere ndiwo sizikoma, ndipo nyama ndi nsomba zimavuta kusunga. Si zachilendo kuti chinthu wamba chotere chigwedeze dziko. Ibn Battuta atafika ku Taghaza m'chipululu cha Sahara mu 1352 anapeza nyumba zomangidwa ndi miyala ya mchere, ndipo mcherewo unkapita kum'mwera kumene kunkachokera golide. Ku Faransa msonkho wa mchere unadedwa kwambiri mpaka unathetsedwa mu 1790, ndipo mu 1930 Gandhi anatsogolera ulendo wapansi wotsutsa lamulo la mchere la Angerezi ku India.

Apa ndi pamene mlembi ayenera kutenga pensulo n'kuwerengera, pakuti mtunda ndiwo umalamula malonda ndi nkhondo yomwe. Tinene kuti kuchigwa kuli kashembe, ntchentche imene imapha ng'ombe ndi akavalo, choncho katundu yense amasenzedwa pamutu. Wamtengatenga amanyamula makilogalamu pafupifupi 25, amayenda makilomita ngati 20 patsiku, ndipo amadya ufa wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku. Likulu la mfumu lili pa mtunda wa masiku khumi kuchokera kuchigwa. Munthu akasenza ufa n'kumadya womwewo popita ndi pobwerera, amamaliza makilogalamu 20, n'kutula asanu okha. N'chifukwa chake amalonda a dziko lotere sayenda ndi chakudya ulendo wautali. Amasenza zinthu zopepuka koma zamtengo, monga mchere, makasu, nsalu, mikanda ndi mkuwa, ndipo chakudya amagula m'midzi ya m'njira.

Masamu omwewa akugwira mfumu pakhosi. Ikafuna kulanda chigwacho ndi asilikali 1,000, iyenera kupeza matumba 20 a makilogalamu 50 tsiku lililonse. Kuzinga mudzi wa linga kwa masiku 30 kukufuna makilogalamu 30,000, ndiye kuti maulendo 6,000 a amtengatenga. Mfumuyo ili ndi njira zitatu zokha: kulanda chakudya m'midzi ndi kudana ndi anthu ake omwe, kugwirizana ndi eni mabwato amene angatsitse katundu wambiri pamtsinje, kapena kupambana msanga njala isanabalalitse gulu. Njira iliyonse ndi nkhani payokha, ndipo mlembi sanachite kuikakamiza.

Malamulo amamera pamene katundu amapanikizika. Ngati njira ya mchere imaoloka mtsinje pa doko limodzi, pamenepo ndi pamene mfumu idzaike nduna yake, ndipo lamulo lidzati mwa mitolo khumi iliyonse, umodzi ndi wa mfumu. Mbiri ya kuno ili ndi chitsanzo chake: m'madera ambiri mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagunda pansi unkapita kwa mwini dziko. Lamulo la m'nkhani likhale lomveka chomwecho, ndipo mlembi ayankhe mafunso anayi. Analikhazikitsa ndani? Limapindulira yani? Wolakwa amagwidwa ndi yani, nanga amalipa chiyani? Funso lachinayi ndilo lokoma kwambiri: ndani amene lamulolo silimukhudza?

Tinene kuti akazi amasiye amaloledwa kuoloka ndi mchere wa pamaliro osapereka msonkho. Posakhalitsa padoko padzachuluka amasiye, ena amuna awo ali moyo. Mpangankhani wathu akhale mmodzi wa iwo, mayi wozembetsa mchere kuti aombole mwana wake amene anaperekedwa chikole m'chaka cha njala. Nduna ya padoko ikudziwa bodzalo koma imalandirapo kangachepe. Tsiku lina mwamuna "womwalirayo" akutulukira pabwalo la milandu. Mayiyo akaulula, nduna igwa naye limodzi, ndipo ndunayo ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu, amene m'dziko lotsata kuchikazi ndiye woyembekezera mpando. Tsatanetsatane yense wa nkhaniyi wachokera mu mtolo wa mchere.

Matsenga nawo alowe m'masamu omwewa, pajatu walira mvula walira matope. Ngati sing'anga wa m'nkhani angathe kusandutsa mchenga kukhala mchere, doko lija latha ntchito ndipo mfumu yasauka, choncho iyenera kumupha, kumutsekera kapena kumulemba ntchito. Mlembi akapanda kusankha chimodzi, owerenga adzafunsa chifukwa chake anthu akuvutika ndi mitolo pamene mankhwala alipo. Matsenga akhale ndi mtengo wake ndi malire ake, ndipo lamulo la dzikolo liwadziwe.

Pali zizindikiro zoonetsa kuti ufumu sunamangike. Mzinda waukulu uli pakati pa chipululu popanda mtsinje kapena minda. Madyerero a mfumu ali ndi zipatso za nyengo zonse patsiku limodzi. Lamulo likutulukira m'mutu womaliza kudzapulumutsa mpangankhani, chonsecho silinatchulidwepo. Kulakwa kwina ndi kwa mlembi wakhama, amene amakhuthulira m'buku zonse zimene anawerengera. Masamu aja akhale m'kope lake. Patsamba pangofunika mayi akulawa ndiwo zopanda mchere n'kutukwana nduna ya padoko chamumtima, ndipo lamulo limene lidzagwetse ndunayo m'mutu wa 20 lioneke likugwira munthu wina m'mutu wachiwiri.