Kalata yodzilembera wekha sabata ikakuipira pa foreksi

Msika wa foreksi, uja wogula ndi kugulitsa ndalama za mayiko pa foni kapena pa kompyuta, umatseka Lachisanu usiku n'kudzatsegulanso Lamlungu usiku. Loweruka mitengo siyenda, ndipo munthu amene waluza sabata yonse alibe pobwezera. Ndi tsiku limeneli limene ena amakhala pansi, mtima utazizira, n'kudzilembera kalata. Ine ndimalemba yanga m'kope la sukulu, ndi bolopeni, foni ili pambali nditatsegula tsamba la History mu MetaTrader 5. Tsamba limenelo silinama: limaonetsa ola limene ndinalowa, kukula kwa loti, ndi ndalama imene inapita.

Ntchito yaikulu ya kalatayi ndi kulekanitsa kuluza kwa mitundu iwiri. Pali kuluza kumene kumabwera ngakhale watsata dongosolo lako lonse. Ngakhale amene amapambana theka la malonda ake adzaluza kasanu motsatizana nthawi ina, monga ndalama yachitsulo imagwera mbali imodzi kangapo ukamaiponya. Kumeneko si kulakwitsa. Kulakwitsa ndi kuluza chifukwa waphwanya lamulo limene unadziikira wekha.

Nayi sabata imene inandiphunzitsa zimenezi. Mu akaunti munali madola 200. Lamulo langa linali lakuti pa malonda amodzi ndisaluze kupitirira madola 2. Pa EURUSD, loti ya 0.01 imapereka kapena kudya pafupifupi masenti 10 pa pipu iliyonse, pipu kukhala kasitepe kakang'ono ka mtengo. Choncho Stop Loss, malire amene amatseka malonda okha mtengo ukakutembenukira, ndinkaiika pa mapipu 20.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinaluza katatu, madola 6. M'kalata ndinalemba mzere umodzi wokha: "Apa sunalakwe." Nkhani inayamba Lachitatu, ndipo mpomwe kalata inatalika.

"Lachitatu masana mtengo utayandikira malire, unawasuntha kuchoka pa mapipu 20 kufika pa 60, ukudziuza kuti ubwerera. Sunabwerere. Madola 6. Lachinayi unadzuka ndi mkwiyo, n'kukweza loti kufika pa 0.05 kuti ubweze zonse kamodzi. Madola 10. Lachisanu unalowanso ndi 0.05, wopanda malire, kutatsala mphindi zochepa kuti lipoti la ntchito la ku America lituluke. Unatseka ndi dzanja lonjenjemera pa mapipu 36. Madola 18."

Lipoti limenelo kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, 2:30 kapena 3:30 masana nthawi ya ku Malawi malinga ndi nyengo, ndipo dola imatha kudumpha mapipu ambiri m'kanthawi kochepa. Ndinkadziwa, koma ndinalowabe.

Kenaka pamabwera masamu, amene amawawa kuposa mawu. Malonda 6 aja, ndikanasunga lamulo, akanandidyera madola 12. Anandidyera 40. Ndiye kuti 28 sanatengedwe ndi msika, ndinawapereka ndekha. Ndipo kuchoka pa 160 kubwerera pa 200 kumafuna phindu la maperesenti 25, ngakhale ndinaluza 20 okha. Amene waluza theka amafunika kuchulukitsa kawiri zimene zatsala.

Ndimadzitchula "iwe" m'kalatamo mwadala, chifukwa zimandithandiza kuona zimene ndinachita ngati za munthu wina. Koma mawu onyoza, monga "ndiwe chitsiru", sindiwalola. Sakuuza chosintha Lolemba, ndipo manyazi ndi omwe amabala kubwezera kwa Lachinayi kuja.

Pa malamulo atsopano mpomwe makalata ambiri amafera. "Ndikhala wodziletsa" si lamulo, pakuti Loweruka likubweralo sungathe kutsimikiza ngati unalisunga. Lamulo lenileni limayankhidwa ndi inde kapena ayi ukayang'ana History, ndipo limabadwa ku cholakwa chimene watchula. Anga anali atatu. Stop Loss ikaikidwa sisunthira kutali. Ndikaluza kawiri pa tsiku, ndimatseka pulogalamu mpaka mawa. Sindilowa ola limodzi lipoti lalikulu lisanatuluke. Ndinakana kuwonjezera lachinayi, poti malamulo ambirimbiri amaiwalika sabata isanafike pakati. Njira yanga yolowera pa msika sindinaikhudze, chifukwa malonda atatu oyera ndi ochepa kwambiri kuti munthu aweruze nawo njira.

Kalata ili ndi malire ake. Singasandutse njira yosapindula kukhala yopindula. Ndipo ngati masabata atatu otsatizana kalata ikutchula cholakwa chomwecho, kapena ndalama zoluzazo ndi za lendi, za fizi ya ana kapena za katapila, mzere wolemba ndi umodzi: kutulutsa zotsala mu akaunti ndi kuuza munthu wapafupi kuchuluka kwenikweni kwa zimene zapita.