Tisanataye chaja, tiyambe tayeza chingwe chake

Nthawi zambiri vutoli limayamba pang'onopang'ono. Laputopu ikuchaja, koma tikangoisuntha pang'ono kanyali kamazima. Timapinda chingwe, kuchitsamiritsa ndi buku, kanyali n'kuyakanso. Papita sabata ziwiri, usiku woti mawa lake tikapereke ntchito kwa aphunzitsi, chaja yasiyiratu. Apa ambiri a ife timaganiza zogula ina, mwinanso kuyamba kuopa kuti laputopu yeniyeniyo ndiyo yafa. Komatu kawirikawiri chimene chavuta ndi waya mmodzi amene waduka m'kati mwa chingwe. Ndi kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa malitimita tingathe kudziwa ngati zilidi choncho, n'kupezanso malo enieni amene wadukira.

Titenge chitsanzo cha chaja ya laputopu yokhala ndi kamutu kobulungira. Chaja yotere ili ndi zigawo zitatu. Pali chingwe chonenepa chochokera pasoketi ya pakhoma, pali bokosi lakuda limene limatsitsa mphamvu ya magetsi, ndiponso pali chingwe chowonda chochokera m'bokosilo kupita ku laputopu. Tikamayeza, cholinga chathu n'chakuti tidziwe chigawo chimene magetsi akuthera.

Tisanagwire malitimita, tiwerenge zolembedwa pansi pa bokosi. Pamzere wa INPUT pamalembedwa magetsi amene chaja imalandira, ndipo zambiri zimati 100-240V, kutanthauza kuti magetsi a kwathu kuno a mavoloti 230 ndi oyenera. Mzere umene tikuufuna ndi wa OUTPUT. Pa chaja yathu yachitsanzo palembedwa 19V 3.42A. Nambala yoyambayo ndi mavoloti amene chaja iyenera kutulutsa, ndipo ndi imene tiyeze. Pafupi pomwepo pamakhala kachithunzi kosonyeza mbali ya + ndi ya -. Pa chaja zambiri za laputopu, + ili m'kati mwa kabowo ka kamutu, pamene - ndi chitsulo chozungulira kunja.

Tsopano tikonze malitimita. Chingwe chake chakuda chilowe pabowo lolembedwa COM, chofiira chilowe pabowo lokhala ndi chilembo V, limene pa mamita ambiri otchipa limalembedwa VΩmA. Bowo lolembedwa 10A tilipewe. Limeneli ndi loyezera zinthu zina, ndipo m'kati mwake lili ngati waya wongolumikiza. Tikayeza chaja chingwe chofiira chili pamenepo, timakhala tagundanitsa + ndi - tokha, ndipo pathetheka moto.

Chopotokola cha pakati tichilozetse kuchigawo cha DCV, kapena V yokhala ndi mzere wowongoka ndi timadontho pansi pake. V yokhala ndi kamzere kokhotakhota ndi ya magetsi a pakhoma, osati otuluka m'chaja. M'chigawo chimenechi muli manambala monga 20 ndi 200, osonyeza malire a zimene mita ingawerenge. Pa 20 mita imalekera pa 19.99, choncho chaja ya 19V kapena 20V ingathe kupitirira malirewo, sikirini n'kungoonetsa 1 kumanzere kapena OL. Ena akaona zimenezi amati chaja yafa, pamene mita ikungonena kuti nambala yaikulira. Choncho tisankhe 200.

Tilumikize chaja pakhoma, koma osati ku laputopu. Nsonga yakuda ya mita tiigunditse chitsulo chakunja cha kamutu, yofiira tiilowetse pang'ono m'kabowo. Dzanja likhazikike, nsonga yofiira isakhudze chitsulo chakunja. Chaja yabwino ya 19V imaonetsa nambala yapafupi ndi imeneyo, monga 19.2 kapena 19.4. Kusiyana kosafika voloti imodzi si vuto. Kutsogolo kwa nambala kukabwera chizindikiro cha -, ndiye kuti tangosinthanitsa nsonga basi.

Tinene kuti yathu yaonetsa 19.3. Kodi nkhani yatha? Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsika. Waya wa m'chingwe sakhala chitsulo chimodzi, koma timawaya tamkuwa tambirimbiri toonda ngati tsitsi, topotedwa pamodzi. Chingwe chikamapindidwa pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, timawayati timaduka kamodzikamodzi. Malitimita ikamayeza mavoloti imakoka magetsi ochepetsetsa, moti ngakhale patatsala kawaya kamodzi kokha, kapena nsonga zoduka zikungokhudzana, imaonetsabe 19.3. Laputopu ndiyo imafuna maampu atatu kapena kuposerapo, ndipo magetsi ochuluka chonchi sangadutse bwino pakanjira kotsalako.

Tiike manambala kuti zimveke. Kukanika kwa magetsi kudutsa pamalo kumayezedwa m'maomu. Tiyerekeze kuti malo owonongekawo ali ndi maomu 2. Laputopu ikakoka maampu 3, pamalopo patayika mavoloti 6, chifukwa timachulukitsa 2 ndi 3. Ku laputopu kukufika mavoloti 13 okha m'malo mwa 19, ndipo imakana kuchaja. Mphamvu yotayikayo siyongosowa, imasanduka kutentha. N'chifukwa chake chingwe chotha chimafunda pamalo amodzi, nthawi zina mpaka pulasitiki kusungunuka. Chingwe chotere si chosiya pasoketi usiku, makamaka pabedi kapena pafupi ndi neti.

Ndiye tipitirize kuyeza, koma tsopano tikugwedeza chingwe. Pano pamafunika anthu awiri. Mmodzi agwire nsonga za mita pakamutu osazisuntha, maso ali pasikirini. Winayo ayende ndi zala m'chingwe chowondacho, akuchipinda pang'onopang'ono uku ndi uku, kuyambira pabokosi mpaka pakamutu. Afatse kwambiri pamalo awiri: pamene chingwe chikutulukira m'bokosi ndi pamene chikulowera m'kamutu. Zingwe zambiri zimadukira pamenepa chifukwa ndi pamene zimapindikira tikamazikulunga mothina kapena tikamazisolola pokoka chingwe m'malo mogwira kamutu. M'chitsanzo chathu, nambala yakhala pa 19.3 njira yonse, koma titapinda masentimita awiri kuchokera pakamutu yagwa kufika pa 0, titawongola n'kubwereranso. Tibwereze katatu kuti titsimikize kuti si nsonga za mita zimene zaterereka, kenako tiike katepi pamalopo ngati chizindikiro.

Nanga mita ikanaonetsa 0 kuyambira pachiyambi? Tikanayamba ndi chingwe chonenepa cha pakhoma, chifukwa ndi chosavuta kuyeza ndipo chimagulitsidwa pachokha. Apa lamulo ndi limodzi: tichotse chilichonse pamagetsi. Chingwecho tichizule pakhoma ndi pabokosi pomwe. Chopotokola tichiike pachizindikiro cha kulira, ngati mita yathu ili nacho, kapena pa 200 m'chigawo cha Ω. Tigundanitse kaye nsonga ziwiri za mita. Iyenera kulira kapena kuonetsa nambala yochepera 1, ndipo apo tadziwa kuti mita ndi zingwe zake zili bwino. Kenako nsonga imodzi ikhale pamwendo umodzi wa pulagi, inayo tiilowetse m'mabowo a kumapeto kwina a chingwe, limodzilimodzi. Mwendo uliwonse uyenera kulira ndi bowo limodzi lokha. Mwendo umene sukulira ndi bowo lililonse ndiwo uli ndi njira yoduka. Tisafulumire kuimba mlandu waya, chifukwa mapulagi athu a miyendo itatu amakhala ndi fyuzi m'kati. Tiichotse, tiike nsonga kumutu uku ndi uku. Ikapanda kulira yapsa, ndipo tiikemo ina ya nambala yofanana, osati waya kapena pepala lonyezimira.

Chingwe cha pakhoma chikakhala bwino, tibwerere ku chowonda chija. Chaja idakali yozula, tiike nsonga m'kati ndi kunja kwa kamutu, mita ili pachizindikiro cha kulira. Ikalira kamphindi n'kusiya, palibe chodetsa nkhawa, ndi kapasita ya m'bokosi imene ikudzaza. Koma ikalira osaleka, + ndi - zagundana penapake. Chaja zambiri zikamva kugundana kotere zimadzitseka zokha, ndipo ngati pabokosi pali kanyali, kamazima kapena kuphethira. Tigwedezenso chingwe monga poyamba, ndipo malo amene kulirako kukudukizira ndi amene pali vuto.

Umboni womaliza timaupeza podula. Chaja ili yozula, tidule chingwe masentimita asanu kuseri kwa katepi kathu, chakumbali ya bokosi. Tikasenda, pa zingwe zambiri tipeza waya wa pakati wokutidwa ndi pulasitiki yakeyake, amene ndi +, ndi timawaya tomuzungulira kunja, timene ndi -. Tiwatalikitse kuti asakhudzane, tilumikize chaja pakhoma, tiyezenso mita ili pa 200 ya DCV. Ikaonetsa 19.3 yosagwedezeka, bokosi ndi chingwe chotsalacho zili bwino. Chofunika ndi kamutu katsopano ka kukula kofanana, kolumikizidwa powotcherera ndi mtovu, waya aliyense atakutidwa payekha. Kungopota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi kumabweretsanso vuto lija la malo otentha. Tikamaliza, tiyeze kamutuko tisanakalowetse mu laputopu, nsonga yofiira m'kati, ndipo titsimikize kuti kutsogolo kwa nambala kulibe -. Kusinthanitsa mawaya pamenepa kungaphe laputopu imene inalibe vuto.

Pali chaja za mitundu iwiri zimene njirayi siyenda nazo chimodzimodzi. Chaja zambiri za Dell ndi HP za kamutu kobulungira zili ndi kasingano kowonda pakati, kamene ndi waya wachitatu wouza laputopu mtundu wa chaja. Pa zimenezi + ndi khoma lam'kati la kamutu, ndipo kugundanitsa khomalo ndi kasinganoko kungawononge chaja. Waya wachitatuyu akaduka, mavoloti amaoneka abwinobwino koma batire lingakane kuchaja. Zina ndi za USB-C kumbali zonse ziwiri. Izi sizitulutsa magetsi mpaka zitazindikira kuti zalumikizidwa ku foni kapena laputopu, choncho 0 pa mita satanthauza kuti zafa. Kwa izi, njira yachidule ndi kuyesa ndi chingwe china chimene tikudziwa kuti n'chabwino.

Ngati tadula chingwe pafupi ndi bokosi koma mita ikuonetsabe 0, kapena nambala yotalikirana ndi ya pa OUTPUT, vuto lili m'bokosi momwemo, ndipo ife tilekere pomwepo. M'kati muli kapasita yaikulu imene imasunga mavoloti opitirira 300, ndipo ingathe kumenya munthu ngakhale chaja itazulidwa kale pakhoma. Bokosilo tipite nalo kwa amisiri, kapena tigule chaja ina ya mavoloti ofanana ndi akale, kamutu kofanana, ndi maampu osachepera amene analembedwa pa yakaleyo.