Kodi chipika chidzagubuduka kapena kuterereka? Masamu ali ndi yankho

Mukamatsitsa chipika kapena paipi mu lole pogwiritsa ntchito thabwa lopendekeka, mumafuna kuti chigubuduke bwinobwino. Tsiku la mvula chipika chomwecho chimatha kungoterereka. Kodi chimasiyanitsa n'chiyani?

Yambani n'kuyang'ana pomwe chipika chakhudza thabwa. Chinthu chikamagubuduka popanda kuterereka, kachigawo kamene kali pansi kamakhala kataima kwa kamphindi. Pakati pa chipika pamayenda pa liwiro v, pamwamba pake pamayenda kawiri liwirolo, koma pansi sipakwekwesa. Akatswiri a fizikisi amalemba lamuloli motere:

v = ωR

Apa ω ndi liwiro lozungulira, pomwe R ndi mtunda wochoka pakati pa chipika kufika kumphepete.

Mungayese nokha. Lembani chizindikiro ndi choko pa chipika chotambalala masentimita 30. Chikazungulira kamodzi chiyenera kuyenda 2πR, omwe ndi masentimita pafupifupi 94. Ngati potsika chayenda kuposa pamenepo chizindikiro chisanabwerere pansi, dziwani kuti chaterereka.

Chimene chimazunguza chipika ndi kugwirana kwake ndi thabwa, kumene asayansi amati fulikishoni. Mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi imakoka chipika pakati penipeni, choncho payokha singachizunguze. Koma thabwa limagwira chipika m'munsi n'kukankhira kumtunda, ndipo chimatembenuka. Popeza pogundanapo sipakwekwesana, kugwirana kumeneku sikutaya mphamvu ngati kutentha.

Kugwirana kotereku sikukhala ndi mlingo umodzi. Kumangopereka mphamvu imene ikufunika, mpaka pa malire ake:

f ≤ μN

N ndi mphamvu imene chipika chikupsinjira thabwa, pomwe μ ndi nambala yosonyeza momwe zinthu ziwirizo zimagwiranira. Thabwa louma ndi lokhakhala limakhala ndi μ yokwera kuposa lonyowa kapena lamatope.

Tiyerekeze kuti chipika chanu ndi chobulungira bwino, cholemera makilogalamu 60. Pansi pa lole ndi potalika mita imodzi, ndipo thabwa lakhudza nthaka mamita awiri kuchoka pa lole. Kupendekeka kwake ndi madigiri pafupifupi 27, ndipo tan θ = 1/2.

Dziko limakoka chipikacho ndi manyutoni 588. Tikaigawa mphamvuyi motsatira kupendekeka kwa thabwa, yokokera kumunsi motsata thabwa ndi manyutoni 263, pomwe yopsinja thabwa ndi manyutoni 526. Kuti chipika chopanda mphako chizizungulira mogwirizana ndi liwiro lake, thabwa liyenera kubweza gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yokokera kumunsi ija, omwe ndi manyutoni 88. Gawani 88 ndi 526, mupeza 0.17. Iyi ndiyo μ yochepetsetsa yofunika.

Ngati μ ya thabwa lanu ndi 0.4, thabwalo lingathe kupereka mpaka manyutoni 210, koma lidzangopereka 88 basi, ndipo chipika chidzagubuduka. Matope akatsitsa μ kufika pa 0.1, malire amakhala manyutoni 53 okha. Chipika chidzazungulirabe, koma mosakwanira, ndipo chidzatsika chikukwekwesa thabwa.

Nanga gawo limodzi mwa atatu lija likuchokera kuti? Likuchokera pa momwe kulemera kwagawikira m'chinthucho, kumene kumayezedwa ndi nambala k. Lamulo lonse ndi ili:

μ ≥ k tan θ / (1 + k)

Chipika chopanda mphako chili ndi k = 1/2, ndiye chimafuna (tan θ)/3. Paipi yopyapyala, yomwe kulemera kwake konse kuli kumphepete, ili ndi k = 1 ndipo imafuna (tan θ)/2. Pa thabwa lathu lija ndi 0.25. Chinthu chobulungira ngati mpira koma chopanda mphako, monga mabo, chili ndi k = 2/5 ndipo chimafuna 0.14 yokha. Choncho pa thabwa limene μ yake ndi 0.2, chipika chidzagubuduka bwino pomwe paipi idzaterereka.

Onaninso kuti m'lamuloli mulibe kulemera kapena kukula kwa chinthu. Chipika cha makilogalamu 20 ndi cha makilogalamu 200 zimayamba kuterereka pa kupendekeka kofanana, chifukwa kulemera kukachuluka, mphamvu yofunika ndi malire a kugwirana zimakwera limodzi.

Zomwe mungasinthe ndi ziwiri. Pukutani matope kapena thirani mchenga kuti μ ikwere, apo ayi pezani thabwa lalitali. Likakhudza nthaka mamita anayi kuchoka pa lole, tan θ imatsika kufika pa 1/4, ndipo μ yofunika imatsika ndi theka. Komabe kumbukirani kuti chipika chogubuduka bwino nachonso chimawonjezera liwiro chikamatsika. Chigwireni ndi chingwe, ndipo kumunsi kwa thabwa kusaime munthu.