Rauta Yatsopano, Dzina Lakale

Mphenzi ikawotcha rauta nyengo ya dzinja, kugula ina sikuvuta kwenikweni. Chintchito chimabwera pambuyo pake: kulemba pasiwedi yatsopano m'foni iliyonse, pa laputopu, pa pulinta, mpaka kukwera makwerero kukafika pa kamera ya pageti. Komatu ntchito yonseyi ndi yopeweka.

Foni ikamalumikiza Wi-Fi siyang'ana kuti bokosilo ndi liti. Imasunga zinthu zitatu: dzina la netiweki, pasiwedi, ndi mtundu wa chitetezo. Rauta yatsopano ikapatsidwa zitatuzi monga zinalili, zipangizo zimalumikizika zokha.

Tiyerekeze kuti pakhomo netiweki yakale inali `Kwathu_24`. Mwini wake amayamba wazimitsa rauta yakale ngati ikuyakabe, kuti pasakhale ziwiri zoyankhira dzina limodzi. Kenako amalumikiza laputopu ku yatsopano, makamaka ndi waya, n'kulemba m'bulawuza adiresi yomwe ili pa kapepala kunsi kwa bokosilo. Kawirikawiri imakhala `192.168.0.1` kapena `192.168.1.1`, pomwe timarauta tambiri ta Huawei tolowetsa simukhadi timagwiritsa ntchito `192.168.8.1`. Akalowa, amapita polembedwa `Wireless` kapena `WLAN`, n'kuika dzina lakale pa `SSID`, pasiwedi yakale m'malo mwake, n'kusunga. Amene walumikiza ndi Wi-Fi osati waya, netiweki imamudukira pomwepo. Si vuto ayi, ndi dzina chabe lasintha.

Apa m'pofunika diso. Kwa foni, `Kwathu_24` ndi `kwathu_24` ndi manetiweki awiri osiyana, ndipo kampata kamodzi kotsalira kumapeto kwa dzina n'kokwanira kusokoneza zonse. Dzina likalakwika, foni imaonetsa netiwekiyo ngati yachilendo. Dzina likakhala bwino koma pasiwedi yaphonyeka, foni imayesa kulowa n'kukanidwa.

Chimene ambiri amaiwala ndi chachitatu chija. Marauta ena atsopano amabwera ali pa `WPA3`, pomwe yakale inali pa `WPA2`. Mafoni atsopano amalowa bwinobwino, koma pulinta yakale imangoti zii. Mankhwala ake ndi kusankha `WPA2-PSK`, kapena `WPA2/WPA3` ngati zipangizo zonse zikulola. Makamera ambiri otchipa nawonso amamva 2.4 GHz yokha, choncho dzina lakale liikidwe pamenepo, osati pa 5 GHz pokha.

Pulinta ikaoneka kuti yalumikizika koma laputopu sikuipeza, nthawi zambiri ndiye kuti rauta yatsopano yaipatsa adiresi ina. Kuichotsa pa laputopu n'kuiikanso kumathetsa nkhaniyo.

Njirayi sisankha nkhope. Mwana wa aneba amene anapatsidwa pasiwedi chaka chatha nayenso foni yake ilumikizika yokha, bandulo n'kumatha msanga ngati kale. Pasiwedi ikakhala kuti inafalikira m'dera, kapena netiweki yakale inali pa `WEP` yomwe akuba amaithyola mosavuta, kuli bwino kungopirira, n'kukwera makwerero aja ndi pasiwedi yatsopano.