Kuimitsa pulogalamu kuti ione kumene nambala yasokonekera

Pulogalamu ya kompyuta ikagwa n'kulemba uthenga wa vuto pasikirini, wolemba wake amadziwa poyambira. Vuto lopweteka mutu ndi lija pulogalamu imayenda bwinobwino mpaka kumapeto, koma yankho n'kukhala labodza. Nachi chitsanzo cha m'chinenero cha Python, chowonkhetsa mitengo ya katundu atatu:

```python
mitengo = [1500, 2300, 800]
zonse = 0
for mtengo in mitengo:
    zonse =+ mtengo
print(zonse)
```

Yankho loyenera ndi 4600, koma pasikirini pakutuluka 800. Dzina lakuti `zonse` ndi valiyebo, kutanthauza malo amene pulogalamu imasungamo nambala yomwe imasinthasintha ntchito ili mkati. Penapake valiyeboyi yalandira nambala yolakwika, ndipo funso n'lakuti, pamzere uti?

Chida chofufuzira zimenezi ndi dibaga. Chimalola munthu kuimitsa pulogalamu pamzere uliwonse n'kusuzumira zimene valiyebo iliyonse yasunga panthawiyo. Chizindikiro choimitsiracho ndicho bulekipointi. Mu Visual Studio Code, munthu amadina kumanzere kwa nambala ya mzere, kapena kudina batani la F9, ndipo pamaoneka kadontho kofiira. Akadina F5, pulogalamu imathamanga mpaka kufika pakadonthopo n'kuima nji.

Apa pali kanthu kamene kamasocheretsa ophunzira ambiri. Pulogalamu imaima isanachite mzere umene uli ndi kadontho. Choncho nambala zooneka m'bokosi la `Variables` ndi za mzerewo usanagwire ntchito.

M'chitsanzo chathu chija kadontho kakhale pamzere wachinayi, poti ndi umene ukubwerezedwa pamtengo uliwonse. Poima koyamba, `zonse` ali 0 ndipo `mtengo` ali 1500. Wofufuza amadina F10, batani la `Step Over`, limene limayendetsa mzere umodzi wokha, ndipo `zonse` akukhala 1500. Palibe chachilendo. Wopupuluma angathe kuchoka pamenepa n'kumakafuna vuto kwina, chikhalirecho waliponda kale.

Adinenso F5 kuti pulogalamu ibwerenso pakadontho. Tsopano `zonse` ali 1500, `mtengo` ali 2300. Asanadine F10, wofufuza wanzeru amayamba wanena yekha nambala imene akuiyembekezera, yomwe ndi 3800. Chizolowezi chimenechi ndiye mtima wa ntchito yonseyi, chifukwa dibaga siuza munthu kuti nambala iyi ndi yolakwika, imangoonetsa zomwe zilipo. Akadina, `zonse` akusanduka 2300. Ndiye kuti mzerewu sukuwonkhetsa ayi, ukungofufuta nambala yakale n'kuikapo yatsopano.

Kuyang'anitsitsa mzerewo kukuonetsa kuti zizindikiro ziwiri zasinthana malo. Powonkhetsa amalemba `+=`, koma apa palembedwa `=+`, zimene Python amazimva ngati kulamula kuti `zonse` angofanana ndi `mtengo`. Lamulolo ndi lovomerezeka, n'chifukwa chake sipanatuluke uthenga wa vuto, ndipo 800 uja ndi mtengo womaliza pamndandanda basi.

Mapulogalamu enieni sakhala a mizere isanu. Nthawi zambiri munthu akaimitsa amapeza nambala itaonongeka kale. Zikatero amasunthira kadontho kumbuyo mpaka atapeza pamene nambalayo inali idakali bwino, kenaka n'kumachepetsa mpata wa pakati pa malo awiriwo. Ngati mzere wokayikitsa ukuitana chigawo china cha pulogalamu, F11, batani la `Step Into`, limalowa m'chigawocho, pamene F10 akanangochiyendetsa chonse osaonetsa za mkati mwake. Ndipo nambala ikafika m'chigawo ili yolakwika kale, bokosi la `Call Stack` limaonetsa mzere umene unaitana chigawocho.

Nanga mndandanda utakhala wa katundu 2,000, vuto n'kukhala pa mmodzi yekha? Palibe amene angadine F5 maulendo onsewo. Njira yake ndi kuika lamulo pabulekipointi, monga `mtengo < 0`, posankha `Add Conditional Breakpoint`. Pulogalamu imadutsa mitengo yabwino yonse osaima, n'kudzaima pokhapo pamene mtengo watsika kupitirira ziro.

Amene alibe Visual Studio Code sakusowa chida, poti Python ali ndi dibaga yakeyake yotchedwa `pdb`. Kuyambira pa Python 3.7, amene anatuluka mu 2018, munthu amangolemba `breakpoint()` pamalo amene akufuna kuima. Kenaka `p zonse` amaonetsa nambala, `n` amayendetsa mzere umodzi, `s` amalowa m'chigawo, ndipo `c` amapitiriza. Kusiyana kwake n'kwakuti kadontho kofiira sikalowa m'failo ya pulogalamu, pamene `breakpoint()` amalembedwa m'failo momwemo. Wolemba ayenera kufufuta mzere umenewu vuto likakonzedwa, apo ayi pulogalamu idzakaima m'manja mwa woigwiritsa ntchito, kudikira lamulo limene iyeyo sakulidziwa.