Pulojekita ikalemba No Signal, katswiri wa pasukulu mumuuze chiyani?

Mphunzitsi akalumikiza laputopu ku pulojekita, pakhoma n'kungooneka mawu akuti `No Signal`, kawirikawiri amalembera katswiri wa makompyuta kuti, "Pulojekita yafa, bwerani." Uthenga wotere umasocheretsa. Pulojekita yomwe ikutha kulemba mawu pakhoma ndi yamoyo, chifukwa magetsi akulowa ndipo babu likuyaka. Chomwe ikunena n'chakuti chithunzi chochokera ku laputopu sichikuifikira. Kakalata kothandiza ndi komwe kamasonyeza pamene chithunzicho chatsakamira.

Musanalembe, onani malo atatu. Oyamba ndi pulojekita yeniyeniyo. Kumbuyo kwake kumakhala mabowo angapo, monga HDMI 1, HDMI 2 ndi VGA, koma iyo imalandira chithunzi kuchokera kubowo limodzi pa nthawi imodzi. Ngati chingwe chili mu HDMI 1 pomwe makina akudikira ku VGA, pakhoma sipaoneka kanthu. Dinani batani la `Source` kapena `Input` mpaka musankhe bowo lomwe muli chingwe.

Achiwiri ndi laputopu. Ngati ili ya Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi `P`. Mukapeza ili pa `PC screen only`, ndiye kuti sikutulutsa chithunzi kunja, ndipo musankhe `Duplicate`. Achitatu ndi chingwe. Cha HDMI chimatha kungolowa theka, pomwe cha VGA, cha mutu wabuluu chija, chili ndi timano timene timapindika msanga. Zikakanikabe, bwerekani laputopu ya mnzanu muiyese pa chingwe chomwecho. Ikaonetsa, chingwe ndi pulojekita zilibe mlandu.

Mukatero, kakalata kangalembedwe motere:

"Zikomo bambo. Pulojekita ya Epson ya m'kalasi la Fomu 3 ikuyaka koma ikulemba `No Signal`. Laputopu yanga ndi HP ya Windows 11, ilibe bowo la HDMI, choncho ndikulumikiza ndi adaputala ya USB-C. Ndasankha HDMI 1, ndaika pa `Duplicate`, koma sizikusintha. Laputopu ya mnzanga, yolumikiza mwachindunji pa HDMI, ikuonetsa bwinobwino pa chingwe chomwechi. Phunziro langa ndi la 10 koloko mawa. Chonde mundithandize."

Katswiri akawerenga zimenezi, sataya nthawi kutsitsa pulojekita kudenga. Akayikira adaputalayo kapena bowo la USB-C, poti si mabowo onse a USB-C omwe amatulutsa chithunzi. Ena ndi otchajira ndi kutumizira mafayilo basi. Abwera atanyamula adaputala ina, aona ngati bowolo limatulutsa chithunzi, ndipo adziwa nthawi yomwe ntchito ikufunika kutha.

Choncho polemba, koperani mawu a pakhoma ndendende monga akuonekera, tchulani chipinda ndi mtundu wa chingwe, ndipo nenani zomwe mwayesa kale pamodzi ndi zotsatira zake.